Lipoti la malungo la Januwale 2022: mmene tinalikonzera osafufuta zolembedwa poyamba

Ntchito yanga ndi yolandira ndi kuunika malipoti a pamwezi ochokera m'zipatala zazing'ono, pa ofesi ya zaumoyo ya boma lina la kumwera. Nkhani iyi ndi ya chipatala chimodzi, chimene sinditchula dzina, ndi malipoti ake a Januwale 2022. Malipotiwo anafika pa nthawi yake, Lachisanu pa 4 Febuluwale, atasainidwa ndi a inchaji komanso atadindidwa chidindo, ndipo tinawalowetsa mu DHIS2, pulogalamu ya pa kompyuta yosungira malipoti a zaumoyo, kumayambiriro kwa sabata yotsatira. Masabata atatu asanathe, panatuluka zinthu zitatu zofuna kuti tibwerere ku malipotiwo. Ogwira ntchito pachipatalapo ankaziona zonse ngati zolakwika zofunika kukonza mofanana. Koma cholakwika chenicheni chinali chimodzi, chachiwiri chinali uthenga wofika mochedwa, ndipo chachitatu sichinali cha Januwale n'komwe.

Zimene lipoti loyamba linanena

Pa mzere wa ana osakwana zaka 5, lipoti la malungo linati ana 540 anayezedwa magazi pachala, 361 anapezeka ndi malungo, ndipo 312 analandira mankhwala a malungo a LA. Aliyense wowerenga manambala amenewa afunsa funso limodzi: ana 49 otsalawo anapita kuti? Mkulu woona za malungo m'boma lathu anafunsadi funsoli pa msonkhano wounika malipoti wa pa 10 Febuluwale. Linalembedwa m'maminitsi, a inchaji anaimbiridwa foni, ndipo chipatalacho chinaikidwa pa ndandanda wa malo oyenera kuyenderedwa msanga, poganiza kuti mwina LA wa ana anatha pakati pa mwezi osatiuza.

Kuganiza choncho kunali ndi maziko. Namondwe wotchedwa Ana anali atadutsa kumwera pa 24 Januwale, misewu ndi milatho yambiri inaduka, ndipo siteshoni yopangira magetsi ya Kapichira inaonongeka, moti magetsi ankathimathima dziko lonse. M'mwezi ngati umenewo mankhwala amatha ndithu.

Apa ndi pamene pali chifukwa chachikulu chosafufutira. Pofika pa 10 Febuluwale, nambala ya 361 inali itagwira kale ntchito. Inabala mzere m'maminitsi, foni, ndi ulendo wa galimoto yothira mafuta a boma. Kaya inali yoona kapena ayi, ndi imene anthu anaiona n'kuchitapo kanthu. Itasowa popanda chizindikiro, wobwera m'mbuyo akanapeza maminitsi akudandaula za ana 49 pamene lipoti silikuonetsa vuto lotero, ndipo akanaganiza chimodzi mwa ziwiri: kuti msonkhanowo unkakamba zopanda pake, kapena kuti wina anasintha manambala mwakachetechete atafunsidwa. Maganizo achiwiriwa ndi amene amaononga mbiri ya chipatala, ngakhale palibe amene anaba kapena kunama.

Kope loyera

Tinafika pachipatalapo Lachisanu pa 18 Febuluwale. Kalaliki wa malipoti, mnyamata wosamala kwambiri pa ntchito yake, anali atapeza kale pamene panasokonekera. Anatenga fomu yatsopano, n'kulembanso lipoti lonse ndi nambala yolondola, ndipo pamalo a tsiku analemba 4 Febuluwale monga pa loyamba. Linkangodikira siginecha ya a inchaji. Kope lakale anali atalichotsa m'fayilo n'kuliika mu dirowa.

"Bwana, ndaona kuti ndisakuvutitseni ndi pepala lokhwatchakhwatcha," anatero. "Lakale lija ndi lolakwika, ndiye ndimati tingoling'amba."

Ndinamupempha kuti alitulutse, tiliike pambali pa latsopanolo. Mtima wake unali wabwino, ndipo ndinamuuza choncho pamaso pa a inchaji. Koma pepala loyeralo linali ndi mavuto awiri. Loyamba, linkanena kuti pa 4 Febuluwale chipatala chinatumiza 316, zomwe sizinachitike. A inchaji akanasaina, bwenzi atasainira tsiku limene sanagwire pepalalo. Lachiwiri, ku ofesi kwathu kunali kope lina la lipoti lomwelo lonena 361, losainidwa ndi munthu yemweyo, la tsiku lomwelo. Mapepala awiri a tsiku limodzi, siginecha imodzi, manambala osiyana: odita akapeza zimenezi sasamalanso kuti loona ndi liti, amayamba kukayikira malipoti onse a m'fayilomo.

Tipeki ali ndi vuto lomweli. Amabisa nambala yakale koma sabisa kuti pasinthidwa, ndiye wowerenga amaona kuti pagwiridwa, osadziwa zimene zinalipo, amene anagwira, ndi liti. Pepala loyera lija tinalidula mzere kuchokera pakona kufika pakona ina, n'kulembapo kuti silinatumizidwe, ndipo kope lakale linabwerera m'fayilo.

Kubwerera ku kaundula

Tisanakhudze cholembera panali funso lofunika kuyankha: pa manambala awiri osagwirizanawo, yolakwika ndi iti? Manambala akasemphana, ambiri amathamangira kusintha imodzi kuti ifanane ndi inzake. Kumeneko si kukonza, ndi kuphimba. Zikanatheka ndithu kuti 361 ndi yoona, ndipo ana 49 anabwerera kunyumba opanda mankhwala. Ndiye mawu a kalaliki okha sanali okwanira, ngakhale ndinkamukhulupirira.

Tinatenga kaundula woyezera malungo. Namwino mmodzi amene sanalembe nawo lipotilo anawerenga ana opezeka ndi malungo tsamba ndi tsamba, kuyambira pa 1 mpaka pa 31 Januwale, ine ndikuwerenga pandekha, ndipo tinkafananitsa kumapeto kwa tsamba lililonse tisanatembenuze. Kuwerenga motere kumachedwa, koma mukasiyana mumadziwa tsamba lenileni loti mubwereze. Tonse tinapeza 316. Kumbuyo kwa kaundulayo kunali kapepala kophatikizidwa ndi pini, kamene kalaliki anawonkhetserapo kumapeto kwa mwezi ndi pensulo, ndipo pansi pake panali 316 yomweyo, yozunguliridwa kawiri. Anawerenga bwino. Manambala awiri omaliza anasinthana malo pokopera pa fomu, usiku, akuunikira ndi tochi ya foni.

Pali kachizindikiro kothandiza apa. Manambala awiri oyandikana akasinthana malo, kusiyana kwa nambala yolakwika ndi yolondola kumagawika ndi 9 popanda chotsala. Kuchotsa 316 pa 361 kumapereka 45, ndipo 45 ndi 9 kuchulukitsa ka 5. Si umboni paokha, koma kumakuuzani kuti mwina vuto ndi la pokopera osati la powerenga.

Panatsala ana 4, chifukwa 316 kuchotsa 312 si ziro. Tinawatsata mmodzimmodzi m'kaundula wa odwala. Onse anayi anali ndi malungo aakulu, anabayidwa jakisoni wa atesuneti n'kutumizidwa ku chipatala chachikulu, choncho sanayenere kuoneka pa mzere wa LA. Sitoko kadi, yolembapo mankhwala olowa ndi otuluka, nayonso inaonetsa kuti LA wa ana sanathepo tsiku ngakhale limodzi mu Januwale. Nambala ya 312 inali yolondola, ndipo sitinaikhudze. Ndimaumirira kuti kotsala kotere katsatidwe mpaka kumapeto, chifukwa lipoti lokonzedwa limene manambala ake angofanana ndendende popanda kufotokoza limandikayikitsa kuposa limene lasiya 4 n'kunena kumene 4 yo yapita.

Kukonza papepala

Pa kope la pachipatala, kalaliki anadula mzere umodzi wowongoka pa 361, wopyapyala moti nambalayo ikuwerengekabe. Pambali pake analemba 316, kenako tsiku la tsikulo, 18/02/2022, ndi zilembo zoyamba za dzina lake. Anagwiritsa ntchito bolopeni, osati pensulo. Wokonza anali iyeyo chifukwa ndi amene analemba poyamba. Ine monga woyendera sindilemba pa lipoti la chipatala, ngakhale nambala yolondola ndikuidziwa. A inchaji anasainanso pambali ndi tsiku lomwelo, poti siginecha yawo ya pa 4 Febuluwale inavomereza 361, ndipo singakokedwe kuti ivomerezenso nambala imene inali isanalembedwe.

M'kabokosi ka fomu mulibe malo ofotokozera, ndiye chifukwa chake chinapita pa pepala lapadera lowonjezera, limene tinalipatsa nambala 1. Linalembedwa motere:

Chowonjezera nambala 1 pa lipoti la malungo la Januwale 2022, lotumizidwa pa 04/02/2022. Mzere: ana osakwana zaka 5 opezeka ndi malungo. Zinalembedwa: 361. Zolondola: 316. Chifukwa: manambala anasinthana malo pokopera kuchokera pa kapepala kowonkhetsera. Umboni: kaundula woyezera malungo, 1 mpaka 31 Januwale, wawerengedwanso ndi anthu awiri pa 18/02/2022. Mizere ina sinasinthe. Ana 4 osalandira LA anali ndi malungo aakulu ndipo anatumizidwa ku chipatala chachikulu.

Pansi pake panasaina kalaliki, namwino wowerenga nawo uja, ndi a inchaji. Chiganizo chakuti mizere ina sinasinthe chimaoneka chaching'ono, koma chimapulumutsa wowerenga ku ntchito yofananitsa fomu yonse kufunafuna pena pamene pagwiridwa. Mayina a ana anayiwo sanalembedwe. Chowonjezera chimayenda m'manja ambiri, ndipo wofuna kuwatsata akawapeza m'kaundula.

Tinalemba makope awiri. Limodzi linakhomedwa ndi sitepula pamwamba pa lipoti la pachipatala, lina ndinapita nalo kukalikhoma pa kope la ku ofesi. Pa kope la ku ofesilo sindinadule mzere uliwonse. Ndinangolemba pamwamba kuti "onani chowonjezera nambala 1, 18/02/2022", kuti likhalebe monga linafikira. Kukonza kumalephera kawirikawiri pamenepa: chipatala chimakonza kope lake bwinobwino, koma kope la kuboma ndi kompyuta zimatsala ndi zakale, ndipo patatha miyezi palibe akudziwa loti alikhulupirire.

Mu DHIS2

Pa kompyuta zimaoneka ngati nambala yakale imafufutika mukalemba yatsopano, koma DHIS2 imasunga mbiri. Pa tsamba la Data Entry limene tinkagwiritsa ntchito, mukadina kawiri m'kabokosi ka nambala pamatseguka zenera lokhala ndi malo a Comment komanso Audit trail, pamene pamaoneka nambala yakale, amene anasintha ndi nthawi yake. Mbiri imeneyi imakhala ndi phindu pokhapokha ngati aliyense amalowa ndi akaunti yakeyake. Anthu anayi akamagwiritsa ntchito dzina limodzi ndi pasiwedi imodzi, monga zimachitikira m'maofesi ena, Audit trail imangokuuzani kuti wina wake pa anayiwo anasintha.

Ndinasintha 361 kukhala 316 Lolemba pa 21 Febuluwale, chowonjezera chosainidwa chili patebulo. Lamulo langa n'lakuti pepala liyambe, kompyuta itsatire. Foni yakuti "bwana, tasinthaniko pamenepo" siikwanira, chifukwa mawa palibe angaonetse kumene nambala yatsopanoyo inachokera. Audit trail imasunga nambala koma siisunga chifukwa, ndiye mu Comment ndinalemba mwachidule: nambala yakale, yatsopano, tsiku, ndi nambala ya chowonjezera. Kabokosi kalikonse kamakhala ndi ndemanga imodzi yokha. Mukapeza wina analembamo kale, onjezerani pansi pake, musafufute.

Pali batani limodzi loti musamale nalo. Ena akafuna kusintha nambala amayamba adina Incomplete, n'kusintha, n'kudinanso Complete. Mukatero, tsiku limene lipoti linamalizidwa limakhala latsopanolo, ndipo chipatala chimene chinatumiza pa nthawi yake chimaoneka ngati chinachedwa. Kumenekonso ndi kufufuta mbiri, ngakhale palibe nambala ya odwala imene yasowa. Ngati kabokosi kakulola kulembamo, sinthani nambala yokhayo, mabataniwo muwasiye. Mukapeza mweziwo watsekedwa, pemphani amene ali ndi mphamvu zotsegula, potumiza chowonjezera chija monga chifukwa, m'malo mokankhira kusiyanako m'mwezi wotsatira. Ndipo musadabwe nambala yatsopano ikapanda kuoneka pa matebulo ndi ma girafu tsiku lomwelo: imadikira kuti makina awonkhetsenso, zomwe kawirikawiri zimachitika usiku.

Mafomu awiri ochedwa

Nkhani yachiwiri inali ya makiliniki a m'midzi. Mlangizi wa zaumoyo aliyense amalemba Fomu 1A, ndipo wamkulu wawo amawonkhetsa onse pa Fomu 1B. Chipatalachi chili ndi makiliniki 7, koma pofika pa 4 Febuluwale panali mafomu 5 okha, chifukwa alangizi awiri amakhala kutsidya kwa mtsinje umene unali wosaoloka. Wamkulu wa alangizi anachita zoyenera: anatumiza zimene anali nazo, ana 208 obwera ndi kutentha thupi, n'kulemba poyera kuti makiliniki 5 mwa 7 ndi amene apereka malipoti. Lipotilo silinali lolakwika. Linali losakwanira, ndipo linadzinenera lokha.

Mafomu awiriwo anafika pa 17 Febuluwale, ina ya ana 39, ina ya ana 47. Maganizo a pachipatalapo anali akuti angowaphatikiza pa lipoti la Febuluwale, popeza la Januwale linapita kale. Zikanatero, Januwale akanaoneka wopepuka kuposa mmene analili, Febuluwale wolemera kuposa mmene analili, ndipo wowerenga chaka chamawa akanati malungo m'deralo anakwera mochedwa. Wodwala amawerengedwa m'mwezi umene anaonedwa, osati umene pepala lake lafika.

Tisanawonjezere, tinapempha kuona makaundula a makiliniki awiriwo, ndipo alangiziwo anabwera nawo pa 22 Febuluwale. Wa 39 uja anagwirizana ndi kaundula wake. Wa 47 sanagwirizane. Mlangiziyo, poona kuti fomu yakhalitsa m'nyumba, anapitiriza kuwerengeramo ana mpaka pa 9 Febuluwale.

"Ndimati ndisasiye ana kunja, achimwene," anauza wamkulu wake. "Sindimadziwa kuti ndidzaoloka liti."

M'kaundula, ana 36 anali a Januwale ndipo 11 anali a Febuluwale. Tikanangowonjezera 47, ana 11 amenewo akanawerengedwa kawiri, chifukwa kumapeto kwa Febuluwale mlangiziyo akanayambanso kuwerenga pa 1. Anakonza yekha Fomu 1A yake, mzere umodzi pa 47, 36 pambali, tsiku ndi zilembo za dzina lake, ndipo anachitanso chimodzimodzi pa mizere ya oyezedwa ndi olandira LA, poti ana omwewo analowanso kumeneko. M'kaundula anajambula mzere wofiira pansi pa mwana womaliza wa pa 31 Januwale.

Chowonjezera nambala 2 chinasiyana ndi choyamba pa mfundo imodzi. Sichinanene kuti 208 inali yolakwika. Chinati lipoti la pa 4 Febuluwale linali ndi makiliniki 5 ndi ana 208, makiliniki awiri afika pa 17 Febuluwale ndi ana 39 ndi 36, ndipo chiwerengero chonse cha Januwale tsopano ndi 283 kuchokera ku makiliniki 7. Pa Fomu 1B yoyamba sitinadule 208. Inakhala momwemo ndi mawu otumiza wowerenga ku chowonjezera. Kudula mzere kumauza wowerenga kuti munthu analakwitsa, ndipo wamkulu wa alangizi uja sanalakwitse kanthu. Ndimaona kuti kusiyanitsa kumeneku n'kofunika pa chifukwa chinanso: anthu akaona kuti kutumiza lipoti losakwanira koma loona kumawabweretsera chikhwatcho, mwezi wina adzadikira mpaka achedwe, kapena adzangoyerekeza manambala a amene sanafike.

Mabokosi onyowa

Chachitatu sichinatitengere nthawi. Pa 21 Febuluwale wosunga mankhwala anapeza mabokosi atatu a LA 1x6 pansi pa mulu atanyowa n'kuchita nkhungu, bokosi lililonse la timapaketi 30, onse pamodzi 90. Anafuna kuchepetsa ndi 90 nambala ya mankhwala otsala pa lipoti la Januwale, poganiza kuti ananyowa nthawi ya namondwe. Mwina n'zoona. Koma pa 31 Januwale anthu awiri anawerenga mabokosiwo ali pashelefu n'kusaina, ndipo lipoti linanena zimene anapeza. Kulisintha kukanasokoneza nambala yoyambira ya Febuluwale, imene iyenera kufanana ndi yotsekera Januwale, komanso mizere yonse ya sitoko kadi yolembedwa m'masabata atatuwo. Timapaketi 90 tinalembedwa pa sitoko kadi pa tsiku limene tinapezeka, monga mankhwala oonongeka, n'kulowa m'lipoti la Febuluwale ndi mawu ofotokoza. Lipoti la mankhwala la Januwale silinakhudzidwe.

Funso limene linasiyanitsa nkhani zitatuzi ndi limodzi: pa tsiku limene lipoti linasainidwa, kodi nambalayi inagwirizana ndi zimene zinali m'kaundula kapena pashelefu? Ya 361 sinagwirizane, ndiye inadulidwa mzere. Ya 208 inagwirizana ndi mafomu amene analipo, ndiye inawonjezeredwa. Ya mankhwala inagwirizana, ndipo chatsopanocho chinadziwika m'mwezi wina, ndiye chinapita kumeneko.

Zimene zinatsatira

Kukonza sikunathe mpaka amene anachitapo kanthu pa nambala yakale atauzidwa. Ndinapereka makope a zowonjezera ziwirizo kwa mkulu woona za malungo. Maminitsi a pa 10 Febuluwale anasiyidwa monga analili, ndipo pa msonkhano wa Malichi panalembedwa mzere watsopano wonena kuti nkhani ya ana 49 yafufuzidwa: 45 anali a manambala osinthana malo, 4 anatumizidwa ku chipatala chachikulu, ndipo LA sanathe. Gawo la ana opezeka ndi malungo mwa oyezedwa linatsika kuchoka pa 67 kufika pa 59 pa 100 aliwonse.

Pali chimene sitinathe kubweza. Aliyense amene anakopera manambala a Januwale mu DHIS2 pasanafike pa 21 Febuluwale, n'kuwaika m'lipoti lake kapena pa tebulo la pa kompyuta yake, anatenga 361 ndi 208. DHIS2 siimutsatira kukamuuza. Tinalembera amene tinkawadziwa, kuphatikizapo bungwe lina lothandiza pa ntchito ya malungo m'deralo, ndipo kuyambira pamenepo tebulo lililonse lochoka mu ofesi yathu limakhala ndi tsiku limene manambala ake anatengedwa.

Pachipatalapo tinagwirizana zinthu ziwiri zatsopano. Lipoti lisanasainidwe, munthu wachiwiri amawerenga mokweza nambala iliyonse ya pa fomu, kalaliki akuyang'ana pa kapepala kowonkhetsera, ndipo kapepalako kamasungidwa m'fayilo limodzi ndi lipoti. Kutsogolo kwa fayiloyo kuli tsamba limodzi lolembapo chowonjezera chilichonse: nambala yake, mwezi wa lipoti, mzere wokhudzidwa, ndi tsiku limene kope linafika ku ofesi yathu. A inchaji anafunsa ngati tsamba limeneli silidzawachititsa manyazi pamaso pa oyendera ochokera ku likulu. Ndinawayankha kuti oyendera amawerenga okha kaundula n'kufananitsa ndi lipoti, ndipo pa Januwale adzapeza 316 m'kaundula, 316 mu DHIS2, ndi 361 yodulidwa mzere yokhala ndi tsiku, chifukwa ndi masiginecha atatu.